Matanthwe Amoyo a Pansi pa Nyanja: Amamangidwa Bwanji, Nanga Akuyereranji?

M'miyezi ya Marichi ndi Epulo chaka cha 2016, gulu la asayansi lotsogozedwa ndi Pulofesa Terry Hughes wa ku Yunivesite ya James Cook linkauluka pa ndege yaing'ono ndi helikopita m'mbali mwa gombe la kumpoto chakum'mawa kwa Australia. Pansi pawo panali Great Barrier Reef, mndandanda wa matanthwe a korali wotalika makilomita 2,300, womwe ndi waukulu kuposa wina uliwonse padziko lapansi. Ntchito yawo inali yosavuta kuifotokoza: kuuluka chapansipansi, kuyang'ana thanthwe lililonse, ndi kulemba kuchuluka kwa malo omwe asintha mtundu. Korali wathanzi akamaonedwa kuchokera kumwamba amakhala woderako, wofiirira kapena wobiriwira. Chaka chimenecho, makamaka chakumpoto, matanthwe ankaoneka oyera kuti mbee pansi pa madzi.

Anayendera matanthwe 911. Mwa onsewo, 68 okha ndi amene analibe malo oyera.

Munthu wosadziwa akanati n'zokongola. Koma kuyera kumeneku ndi chizindikiro cha njala, ndipo pofika kumapeto kwa chakacho pafupifupi korali mmodzi mwa atatu aliwonse a m'madzi osaya a kumeneko anali atafa. Funso n'lakuti thanthwe lingafe bwanji ndi njala, nanga madzi ongotentherapo ndi digiri imodzi kapena ziwiri angaphe bwanji chinthu chomwe chakhala chikulimbana ndi mafunde kwa zaka zikwizikwi. Yankho lake lili m'thupi la kanyama kakang'ono kwambiri.

Mmisiri wake

Korali amaoneka ngati mwala, ena ngati chomera, koma ndi nyama. Chomwe munthu amachiona ngati korali mmodzi ndi khamu la tizinyama tambirimbiri tolumikizana, totchedwa mapolipu. Polipu ndi mbale wake wa jelefishi. Thupi lake ndi kathumba kofewa kokhala ndi khomo limodzi lokha, lomwe ndi pakamwa komanso potulukira zotsalira za chakudya. Kuzungulira pakamwapo pali timikono tokhala ndi mbola. M'mitundu yambiri yomanga matanthwe, polipu ndi wa mamilimita ochepa chabe. Alibe ubongo, alibe maso, ndipo akakhazikika pamalo sachokanso mpaka kufa.

Masana mapolipu ambiri amakhala atafinyikira m'kati. Kukada amatambasula timikono tija n'kumagwira tizamoyo tating'ono toyandama m'madzi, kutibaya ndi mbola, kenako kutikokera kukamwa. N'chifukwa chake osambira pansi pa nyanja usiku amapeza korali yemweyo atasintha maonekedwe: yemwe masana anali gwaa ngati mwala, usiku amakhala wawefuwefu.

Mwala umene polipu amamanga suli m'kati mwa thupi lake ngati mafupa a munthu. Uli pansi pake. Kanyamaka kamakhala m'kachikho kamwala komwe kadziumbira kokha. Zipangizo zake ndi kashiamu ndi kaboneti zosungunuka m'madzi amchere, ndipo zikaphatikizana zimapanga kashiamu kaboneti, chinthu chomwecho chimene chili m'chigoba cha nkhono, m'chikhungwa cha dzira ndi m'miyala yomwe anthu amawotcha popanga njereza.

Kaumbidwe kake n'kochititsa chidwi. Pakati pa khungu la pansi la polipu ndi mwala womwe wakhalapo pali kampata kopyapyala kwambiri kokhala ndi timadzi. Polipu amapopera kashiamu m'kampatako, kwinaku akuchotsamo tinthu topangitsa madzi kukhala a asidi. Timadzito tikachepa asidi, kashiamu kaboneti amayamba kugwirana n'kusanduka timibulu tolimba, ndipo timibuluto timaunjikana usana ndi usiku. Ntchito yopopayi imadya mphamvu zambiri, mfundo yofunika kuisunga m'mutu chifukwa nkhani yonse ya kuyera kwa korali yatsamira pamenepa. Makoma a kachikho akakwera, polipu amadzinyamula pang'ono n'kuyala pansi patsopano, kusiya kachipinda kakale kopanda kanthu kunsi kwake. Amachita zimenezi mobwerezabwereza moyo wake wonse.

Panthawi imodzimodziyo amachulukana. Polipu mmodzi amaphuka wina m'mbali mwake, kapena amagawika pawiri, ndipo atsopanowo amakhalabe olumikizana ndi khungu limodzi lomwe limakuta mwala wonse ndi kuwathandiza kugawana chakudya. Choncho korali wamkulu wofika msinkhu wa munthu ali ndi moyo pamwamba pokha, pakhungu la mamilimita ochepa. Zonse za m'kati ndi mwala wosiyidwa ndi mibadwo yakale. Akufanana ndi chulu: mulu waukulu wolimba womwe amisiri ake ndi ang'ono kwambiri, ndipo umakula pokhapokha amisiriwo akadali moyo.

Liwiro la kukula limasiyana malinga ndi mtundu. Makorali a nthambi, monga a mtundu wa akuropora, amatha kutalika masentimita 10 kapena kuposerapo pachaka. Makorali obulungira a mtundu wa poritesi amakula pafupifupi sentimita imodzi yokha pachaka, koma amakhala zaka mazanamazana. Asayansi akaboola korali wotereyu n'kuunika chidutswacho ndi ekisireyi, amaona mizere ya chaka ndi chaka, ndipo pa mizereyo amawerenga msinkhu wake komanso zaka zomwe anavutika n'kusiya kukula.

Kamodzi pachaka makorali ambiri amaberekana mwa njira ina. Ku Great Barrier Reef zimachitika masiku angapo mwezi utakhala wathunthu, mu Okutobala kapena Novembala. Usiku umodzi kapena ungapo, mitundu yambirimbiri imatulutsira pamodzi timibulu ta mazira ndi umuna, mpaka m'mawa pamwamba pa nyanja pamaoneka mikwingwirima yofiirira. Dzira likakhwima limasanduka kamphutsi koyandama, komwe patapita masiku angapo kamatsikira pansi kukafuna malo olimba ndi oyera bwino. Kakawapeza kamamatirira, kamasanduka polipu woyamba, n'kuyamba kuumba kachikho kake.

Chinsinsi chili mu ndere

Madzi omwe matanthwe a korali amakonda ndi oyera kwambiri moti munthu amaona pansi. Madzi oyera chotero ndi osauka: muli chakudya chochepa. Tizamoyo tomwe polipu amagwira usiku sitingakwanitse kulipira mphamvu zomangira mwala wochuluka chonchi. Nanga zotsalazo zimachokera kuti?

M'kati mwa maselo a polipu mumakhala ndere za selo imodzi, zosaoneka ndi maso, zomwe asayansi amazitcha zuzantele. Pa sikweya sentimita imodzi ya khungu la korali wathanzi pamapezeka ndere zoterezi zokwana miliyoni imodzi kapena kuposerapo. Monga chomera chilichonse chobiriwira, zimagwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa popanga shuga kuchokera ku madzi ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi. Shuga wambiri yemwe zimapanga sizimudya zokha. Amatuluka n'kulowa m'thupi la polipu, ndipo m'mitundu ina chakudya chimenechi chimafika magawo 90 pa 100 aliwonse a mphamvu zomwe korali amafuna. Polipu nayenso amapatsa nderezo malo otetezeka oyang'ana kudzuwa, mpweya womwe amapuma, ndi zotsalira za m'thupi mwake zokhala ndi naitirojeni ndi fosiforasi, zomwe kwa ndere ndi feteleza. Palibe chotayika. M'madzi osauka, awiriwa amangopatsirana zomwe ali nazo.

Mgwirizano umenewu ndi umene umafotokoza pafupifupi chilichonse chokhudza matanthwe a korali. Amapezeka m'madzi osaya, kawirikawiri osapitirira mamita 50, chifukwa ndere zimafuna kuwala. Sachita bwino pamathiriro a mitsinje ikuluikulu, chifukwa matope amatchinga dzuwa ndipo madzi opanda mchere amapha mapolipu. N'chifukwa chakenso m'Nyanja ya Malawi mulibe korali ngakhale madzi ake ali oyera ndi ofunda. Matanthwe oyandikira ali kugombe la Mozambique, monga ku zilumba za Quirimbas ndi Bazaruto, komanso ku Tanzania. Korali amaumba mwala mofulumira masana kuposa usiku, popeza masana ndi pomwe shuga akubwera. Ngakhale mtundu wake si wake ayi. Khungu la polipu nthawi zambiri n'loonekera mkati ngati galasi, ndipo kudera kapena kufiirira komwe kumaoneka ndi mtundu wa ndere zomwe zadzaza m'menemo.

Alipo makorali ena opanda ndere, okhala m'madzi akuya, ozizira ndi amdima. Iwo amadalira zogwira zokha, amakula pang'onopang'ono, ndipo nkhani ya kuyera siiwakhudza mwa njira imeneyi.

Kuchoka pa korali kufika pa thanthwe

Thanthwe si makorali amoyo okha. Mafunde ndi anamondwe amathyola nthambi. Nsomba za milomo yonga ya chinkhwe zimapala mwala pofuna ndere, n'kutulutsa mchenga woyera; mchenga wambiri wa m'magombe a zilumba za korali unadutsa m'mimba mwa nsomba zimenezi. Tizamoyo tina timaboola mwala n'kukhala m'kati. Zidutswa zonsezi zimagwera m'mipata, ndipo ndere zina zolimba zofiirira, zomwenso zimapanga kashiamu kaboneti, zimayanga pamwamba n'kuzimata pamodzi. Pamwamba pa zomatidwazo pamakhazikika timphutsi tatsopano. Motero pathanthwe lililonse pali ntchito ziwiri zochitika nthawi imodzi, kumanga ndi kugumula, ndipo thanthwe limakwera pokhapokha omanga akaposa ogumula. Kukwerako kumakhala mamilimita ochepa pachaka.

Mamilimita amenewa akapatsidwa nthawi amachita zodabwitsa. Mu 1842 Charles Darwin anafalitsa buku lofotokoza chifukwa chomwe zilumba zina za m'nyanja zikuluzikulu zilili zozungulira ngati mphete, pakati pali thamanda. Ganizo lake linali lakuti poyamba pamakhala phiri lophulika lotumphuka m'nyanja, korali n'kumera m'mbali mwake. Phirilo likamamira pang'onopang'ono, korali amakulabe cham'mwamba kutsata kuwala, mpaka phiri lonse litabisika n'kutsala mphete ya korali yokha. Umboni wake unadzapezeka patapita zaka zoposa 100. Mu 1952 akatswiri a ku America anaboola pachilumba cha Enewetak m'nyanja ya Pacific, ndipo anadutsa mamita opitirira 1,200 a mwala wopangidwa ndi zamoyo za m'madzi osaya asanagunde mwala wa phiri lophulika kunsi kwake.

Anthu nawo akhala akudalira ntchito ya tizinyamati. Nyumba zakale za ku Stone Town ku Zanzibar ndi mabwinja a ku Kilwa zinamangidwa ndi miyala ya korali. Matanthwe amoyo amaphwanya mafunde asanafike kumidzi ya m'gombe. Ndipo ngakhale amatenga malo osakwana gawo limodzi pa 100 la pansi pa nyanja zonse, pafupifupi mtundu umodzi mwa inayi iliyonse ya zamoyo za m'nyanja umadalira matanthwewa panthawi ina ya moyo wake. Chowakopa ndi mapanga, ming'alu ndi nthambi zobisalamo.

Pomwe kutentha kumalowerera

Makorali ambiri omanga matanthwe amasangalala m'madzi a madigiri 23 mpaka 29. Koma chofunika kwambiri si nambala imodzi ya dziko lonse. Korali aliyense anazolowera kutentha kwa kwawo, ndipo amakhala pafupi kwambiri ndi malire a zomwe angapirire. Makorali a ku Persian Gulf amapirira madzi a madigiri 34, omwe angaphe makorali a ku Australia. Koma onsewo, wa uku ndi wa uko, amayamba kuvutika madzi akakwera ndi digiri imodzi yokha pamwamba pa kutentha kwa mwezi wotentha kwambiri kwawoko, n'kukhala choncho kwa masabata angapo.

Asayansi ambiri amafotokoza zochitika m'kati motere. Kutentha kumawononga tizigawo ta ndere togwiritsa ntchito kuwala popanga shuga. Koma dzuwa silisiya kuwala, ndipo ndere imapitiriza kulandira mphamvu zomwe tsopano ilibe pozipititsa. Mphamvu zotsalazo zimakathera mu okosijeni n'kumusandutsa mitundu ina yaukali, monga haidirojeni perokisaidi, yomwe imawononga maselo. Poizoniyu amatuluka mu ndere n'kulowa m'thupi la polipu. Apo ndere yomwe inkadyetsa polipu yayamba kumupweteka, komanso yachepetsa shuga yemwe inkapereka. Polipu amaitulutsa kunja, nthawi zina amaigaya, nthawi zina amataya selo lonse lomwe munali ndereyo.

Ndere zikachoka zambiri, khungu limatsala loonekera mkati, ndipo chomwe munthu amaona ndi mwala woyera wa kunsi. Kumeneku ndiye kuyera kwa korali.

Popeza vuto limachokera ku kutentha ndi kuwala pamodzi, nyengo yoopsa kwambiri ndi ya bata: kumwamba kopanda mtambo, mphepo kulibe, nyanja ili duu, dzuwa likulowa mpaka pansi. Korali amayamba kuyera mbali yoyang'ana kudzuwa, kunsi kukadali kodera. Ena asanayere amayamba awala mitundu yowala kwambiri, yabuluu, yachikasu kapena yapinki. Alendo amajambula zithunzi mokondwa, koma mitunduyo ndi utoto womwe polipu amapanga podzitchinjiriza ku kuwala ndere zitachepa. Korali wowala chotero ali pamavuto kale.

Korali woyera sanafe. Mfundo imeneyi imasokonekera kawirikawiri m'nkhani zofalitsidwa, ndipo ndi yofunika kuimvetsa. Mapolipu akadali moyo, akugwirabe tizamoyo usiku, akudya mafuta omwe anasunga m'thupi. Madzi akazizira msanga, ndere zochepa zomwe zinatsalira zimachulukana, mtundu n'kubwerera m'masabata kapena miyezi ingapo. Komabe wopulumukayo amatsala wofooka: amakula pang'onopang'ono, amagwidwa matenda mosavuta, ndipo akhoza kulephera kubereka chaka chotsatira. Kutentha kukapitirira, mafuta amatha, khungu limasupuka, ndipo korali amafa.

Wosambira pathanthwe angathe kusiyanitsa. Korali woyera koma wamoyo amakhala woyera bwino, ndipo ukayandikira umaona khungu lopyapyala ndi timikono. Wakufa sakhalitsa ali woyera, chifukwa m'masiku kapena masabata ochepa ndere zaulusi zobiriwira ndi zoderako zimamuyanga. Kuyera kwa kutentha kumagwira makorali ambiri a mitundu yosiyanasiyana nthawi imodzi, pomwe matenda kapena nyama zodya korali zimasiya chipsera choyera chokhala ndi malire ooneka bwino, mbali inayo ili ndi mtundu wake wonse. Pofuna kuti anthu wamba azithandiza kuyeza, a Yunivesite ya Queensland anakonza khadi la mitundu lotchedwa Coral Health Chart, lokhala ndi manambala kuyambira 1, woyereratu, mpaka 6, woderatu. Munthu amangoliyandikiza pa korali n'kulemba nambala yofanana naye.

Kuwerengera kutentha

Digiri imodzi kwa sabata imodzi siipha korali. Choopsa ndi kuunjikana kwa kutentha, ndipo bungwe la boma la America loona za nyanja ndi nyengo, NOAA, lili ndi njira yokuwerengera pogwiritsa ntchito masetilaiti oyeza kutentha kwa pamwamba pa nyanja tsiku ndi tsiku. Pamapu awo muyezowu umalembedwa kuti DHW. Umaphatikiza zinthu ziwiri, kuchuluka kwa madigiri opitirira ndi kutalika kwa nthawi, pa masabata 12 apitawo.

Mwachitsanzo, pakhale thanthwe lomwe mwezi wake wotentha kwambiri madzi amakhala pa madigiri 29. Sabata yoyamba madzi afika 29.5. Sabata imeneyo siiwerengedwa, chifukwa kupitirirako sikunafike digiri yathunthu. Masabata awiri otsatira madzi ali pa 30: digiri imodzi kuchulukitsa ndi masabata awiri, zikupereka 2. Kenako kwa masabata atatu madzi ali pa 31: madigiri awiri kuchulukitsa ndi masabata atatu, zikupereka 6. Kuphatikiza zonse, thanthwelo lafika pa 8 m'masabata asanu okha. Malinga ndi muyezo wa NOAA, pa 4 makorali ambiri amayamba kuyera, ndipo pa 8 kuyera kumafalikira ndipo ambiri amafa. Ubwino wa njirayi ndi wakuti imachenjeza oyang'anira matanthwe zinthu zisanachitike. Kupelewera kwake n'kwakuti setilaiti imaona pamwamba pa madzi pokha, siiona kozizira kwa pansi kapena kutentha kwa m'thamanda laling'ono.

Mu 2016 muyezowu unayenderana bwino ndi zomwe zinachitika ku Great Barrier Reef. Nyanja inali itatentherapo kale chifukwa cha kusintha kwa nyengo, popeza nyanja zimamwa pafupifupi magawo 90 pa 100 a kutentha kowonjezera komwe mpweya wochokera ku malasha, mafuta ndi gasi ukusunga padziko. Pamwamba pa izo panabwera El Nino wamphamvu, yemweyo amene anadzetsa chilala kum'mwera kwa Africa mpaka boma la Malawi linalengeza za ngozi ya njala mu Epulo chaka chomwecho. Pomwe chimanga chinkauma m'minda kuno, kumpoto kwa Australia nyanja inali ya bata ndi yotentha kwa masabata ambiri.

Koma kutenthako sikunagwe mofanana. Kumpoto, kuyambira cha ku Port Douglas kukwera mpaka ku Torres Strait, matanthwe 81 pa 100 aliwonse anayera kwambiri. Kum'mwera linali limodzi lokha pa 100. Chomwe chinapulumutsa kum'mwera ndi zotsalira za namondwe Winston, yemwe atawononga dziko la Fiji mu Febuluwale anafika kugombe la Queensland atafooka, n'kubweretsa mitambo, mvula ndi mphepo zomwe zinaziziritsa madzi panthawi yoyenera.

Gulu la Hughes silinalekere pa kuuluka. Linatsikira m'madzi n'kubwereranso patapita miyezi isanu ndi itatu kukawerenga otsala. Kumpoto, pamtunda wa makilomita pafupifupi 700, magawo awiri mwa atatu a makorali a m'madzi osaya anali atafa. Anapezanso chinthu chomwe ambiri sankachiyembekezera: makorali ena sanadikire njala. Pamatanthwe omwe muyezo unangodutsa 3 kapena 4, mitundu yosapirira inayamba kufa nthawi yomweyo ndi kutentha kwenikweniko. Pomwe muyezo unafika 6 kapena kuposa, thanthwe lonse linasintha nkhope. Oyamba kufa anali makorali a nthambi ndi a mbale, omwe amakula msanga ndi kupereka malo obisalamo nsomba. Otsala ambiri anali obulungira, okula pang'onopang'ono.

Chaka chotsatira, 2017, kutentha kunabweranso, ulendo uno chapakati. Zaka ziwirizo pamodzi zinapha pafupifupi theka la makorali a m'madzi osaya. Ndipo mu 2018 ofufuza atawerenga timakorali tatsopano tokhazikika pamatanthwe, anapeza kuti tachepa ndi magawo 89 pa 100 poyerekeza ndi zaka za m'mbuyo. Makolo obereka anali atatha.

Kodi thanthwe limachira?

Limachira, likapatsidwa mpata, ndipo umboni wabwino uli ku Seychelles m'nyanja ya Indian. Kutentha kwa 1998 kunapha makorali opitirira magawo 90 pa 100 kuzilumba za pakati za dzikolo. Ofufuza otsogozedwa ndi Nicholas Graham anatsatira matanthwe 21 kwa zaka zambiri. Mwa amenewa, 12 anabwerera pang'onopang'ono kukhala a korali, pomwe 9 analandidwa ndi ndere zikuluzikulu zamasamba, zomwe zikadzaza sizisiya malo oti kamphutsi ka korali kakhazikike. Omwe anachira anali akuya pang'ono, okhala ndi mapanga ndi ming'alu yambiri, okhala ndi timakorali tating'ono tochuluka ndi nsomba zambiri zodya ndere, m'madzi opanda zonyansa zambiri zochokera kumtunda.

Apa pali phunziro lenileni kwa asodzi ndi maboma a m'gombe. Kuteteza nsomba zodya ndere, kuletsa kupha nsomba ndi mabomba, kuchepetsa matope, zimbudzi ndi feteleza zolowa m'nyanja, zonsezi zimathandiza thanthwe kudzuka litagwa. Koma sizitchinga kutentha. Matanthwe a kumpoto kwa Great Barrier Reef anali akutali ndi mizinda, otetezedwa bwino kuposa ambiri padziko, ndipo ndi omwe anafa kwambiri mu 2016. Ku Seychelles nakonso, matanthwe omwe anali atachira anayeranso chaka chomwecho n'kutaya makorali ambiri.

Chilengedwe chili ndi njira zake zoyesera. Mitundu ina ya zuzantele imapirira kutentha kuposa inzake, ndipo makorali ena akayera amadzadzaza ndi mtundu wopirirawo, ngakhale kawirikawiri amakula pang'onopang'ono akatero. Anthu nawo akulera zidutswa za korali m'nazale za pansi pa madzi n'kumaziwokera pamatanthwe owonongeka. Ndi ntchito yabwino, koma imakwanira mahekitala ochepa, pomwe Great Barrier Reef yokha ndi yaikulu pafupifupi kuwirikiza katatu dziko lonse la Malawi. Ku Florida mu 2023 madzi anatentha kwambiri moti ogwira ntchito anachita kuchotsa makorali m'nazale zawo n'kukawasunga m'matanki kumtunda.

Vuto lalikulu ndi nthawi. Ngakhale makorali okula msanga amafuna zaka 10 mpaka 15 kuti adzazenso thanthwe, ndipo obulungira amafuna zaka makumi ambiri. Kafukufuku wa malo 100 padziko lonse anaonetsa kuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 thanthwe linkayera koopsa kamodzi pa zaka 25 mpaka 30, koma pofika 2016 mpatawo unali utatsika kufika pa zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi. Thanthwe lomenyedwa kawiri lisanachire limasiya kukwera. Nsomba zopala, tizamoyo toboola ndi mafunde sizipuma, choncho omanga akachepa mwala umayamba kugumuka n'kusanduka zibuma. Mpweya wa kaboni dayokisaidi womwe nyanja ikumwa ukuwonjezeranso asidi m'madzi, zomwe zikuchititsa kuti polipu aziwononga mphamvu zambiri popopa m'kampata kake kaja.

Gulu la akatswiri a zanyengo la United Nations, IPCC, linanena mu 2018 kuti dziko likatentherapo ndi madigiri 1.5 poyerekeza ndi nthawi yomwe mafakitale anali asanachuluke, matanthwe a korali adzachepa ndi magawo 70 mpaka 90 pa 100, ndipo pa madigiri 2 pafupifupi onse adzatha. Chisanafike chaka cha 1998, Great Barrier Reef inali isanayerepo yonse motere m'mbiri yolembedwa. Kuchokera pamenepo kufika mu 2024 inayera mu 1998, 2002, 2016, 2017, 2020, 2022 ndi 2024. Mu Epulo 2024 NOAA inalengeza kuti dziko lili m'kati mwa kuyera kwachinayi kokhudza nyanja zonse, ndipo pofika Marichi 2025 kutentha kokwanira kuyeretsa korali kunali kutafika pa magawo 84 pa 100 a matanthwe onse a padziko lapansi.